Mukatha malonje munene chiyani? Njira zisanu zoyambira kuyankhula popanda nthabwala kapena mawu a anthu otchuka

Pa msonkhano uliwonse kuno ku Lilongwe, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango ku Mitundu kapena m'holo ya BICC, woyankhula amayamba ndi ulemu: a wapampando, mlendo wolemekezeka, mafumu onse, azibusa, amayi ndi abambo. Zimenezi musazidumphe, koma dziwani kuti ndi odi chabe, nkhani sinayambe. Chiyambi chenicheni ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zobwera malonje akatha, ndipo ndi pamenepo pomwe anthu amasankha kutchera khutu kapena kutulutsa foni.

Ambiri tikafika apa timathawira ku nthabwala, kapena timabwereka mawu a Nelson Mandela. Enafe timaponya mwambi. Mwambi ndi wathu, inde, koma "mutu umodzi susenza denga" wanenedwa m'misonkhano yambirimbiri moti anthu amautsiriza okha inu musanafike pakati, akugwedeza mutu koma maganizo ali ku minibasi yobwerera. Nthabwala nayo ikagwa pansi simungaitole. Mwatsala nokha mukuseka, ndipo mphindi zotsatirazo mumangokhalira kudzipepesa mumtima. Zonsezi ndi zobwereka. Njira zisanu zimene ndiziyerekeze pano zimachokera m'nkhani yanu yomwe.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, titenge munthu mmodzi. Tinene kuti ndinu mlangizi wa zaulimi, ndi mwezi wa Meyi, ndipo mwapatsidwa mphindi 15 kuti muyankhule ndi alimi 40 ku Mitundu za kasungidwe ka chimanga. Mfundo yanu ndi imodzi: chimanga chambiri chimaonongekera m'nyumba, chifukwa chimaikidwa m'matumba chisanaume bwino ndiponso osatetezedwa kwa anankafumbwe. Njira iliyonse tiziyesa pa nkhani yomweyi.

Zoyezera zake

Choyamba ndi sefa imene njira zonse ziyenera kudutsamo. Lembani chiyambi chanucho, kenako dzifunseni ngati mungachinyamule momwemo n'kukayambira nacho nkhani ya malungo kapena ya banki mkhonde. Ngati chikukwananso kumeneko, si chiyambi cha nkhani yanu, chifufuteni. N'chifukwa chake ine ndimalemba chiyambi pomalizira, thupi la nkhani litaima kale, pakuti sungaloze njira ya kumene sunapadziwe.

Zikadutsa pa sefayo, ndimayang'ana zinthu zinayi. Mtengo, apa sindikunena ndalama zokha ayi, koma nthawi yokonzekera ndi masekondi amene chiyambicho chidye pa nthawi yanu. Pa mphindi 15, chiyambi chisapitirire mphindi imodzi ndi theka, ndipo ngati pali womasulira, dziwani kuti chiganizo chilichonse chidzanenedwa kawiri, ndiye nthawi yanu yadulidwa pakati. Kupezeka, ndiko kuti, zipangizo zake muli nazo kale kapena muchita kukafuna? Kusamala, ndiko kuti, mukadzafuna kuchigwiritsanso ntchito ku Nsaru mwezi wamawa, chidzakhala chikadali chamoyo? Chomaliza ndi chiopsezo: chingalakwike n'chiyani, ndipo mungadziwe bwanji mukadali chiimire kuti zalakwika.

Njira yoyamba: kankhani ka zimene munaona

Iyi ndi imene ndimaikonda, ndiponso ndi imene anthu amaiononga kwambiri. Kankhani koyambira kamafuna zinthu zinayi zokha: nthawi, malo, munthu mmodzi, ndi chimene chinachitika. Kenako chiganizo chimodzi chowolokera ku mfundo yanu. Mlangizi wathu, ngati zinamuchitikiradi, angayambe chonchi:

"Mu Disembala wapitayu ndinaima pakhomo la mayi wina kuno kwathu. Anatulutsa thumba loti apite nalo kuchigayo. Atamasula, anapisa dzanja, ndipo dzanjalo linatuluka litayera mbuu ngati agwira ufa, chonsecho chimangacho chinali chisanagayidwe. Mayiwo sananene kanthu, anangomanganso thumbalo. Lero ndabwera kuti tikambirane zimene zinachitika m'thumba limenelo pakati pa Meyi ndi Disembala."

Onani kuti mulibe mawu oti "zinali zomvetsa chisoni". Dzanja loyera lija lagwira ntchito yonse. Onaninso kuti kankhaniko kathera pa funso losayankhidwa, loti n'chiyani chinachitika m'thumbamo, ndipo thupi la nkhani yanu ndilo yankho.

*Mtengo.* Kukumbukira nkhani n'kosavuta, chodula n'kuisenga. Mukailemba koyamba imatuluka ya mphindi zitatu, muli mvula imene inakuvumbani panjira ndi njinga imene inaphwa tayala. Muidule mpaka itsale ya masekondi 45, ndipo muinene mokweza kasanu mukuyang'ana wotchi. Zimatenga madzulo amodzi athunthu.

*Kupezeka.* Ngati ntchitoyo mumaigwiradi, nkhani muli nazo zambiri. Ngati mwangotumidwa kukawerenga zolemba za bwana, mulibe, ndipo musapeke. Alimi amadziwa msanga munthu amene sanagwirepo thumba lofumbwa.

*Kusamala.* Nkhani yabwino imakhalitsa, koma Lilongwe ndi wamng'ono kuposa mmene amaonekera. Anthu omwewo amene anakumvani ku Mitundu mudzawapeza pa msonkhano wa kuboma. Lembani m'kope kuti nkhani yakuti munainena kuti. Samalaninso ndi chizolowezi choti nkhani ikamanenedwa kawirikawiri imanenepa: thumba limodzi lija chaka chamawa lasanduka matumba asanu.

*Chiopsezo.* Chachikulu n'kuvula munthu pagulu. Ngakhale musatchule dzina, mukanena mudzi, mtundu wa nyumba ndiponso kuti ndi mayi wamasiye, aliyense wamudziwa. Chizindikiro chake n'choti anthu amayamba kucheukira mbali imodzi. Pemphani chilolezo kwa mwini nkhani, kapena chotsani zonse zomulozera. China n'kudziika pakati ngati mpulumutsi. M'kankhani ka pamwambapa mlangizi ndi mboni chabe, ndipo kakuyenda bwino chifukwa cha chimenecho.

Njira yachiwiri: funso loti akweze manja

"Ndi angati pano amene anagulapo chimanga mu Januwale, chonsecho chaka chimenecho anakolola?" Manja akakwera, anthu amaona okha kuti vuto si la munthu mmodzi, ndipo nkhani yakhala yawo inu musanaphunzitse kanthu.

*Mtengo.* Pokonzekera n'yotchipa, mphindi zochepa chabe. Imadula pabwalo, chifukwa muyenera kupirira chete. Funsani, kwezani dzanja lanu inuyo poyamba kuti aone chimene mukufuna, ndipo werengani mumtima mpaka 5 musanalankhulenso. Masekondi asanuwo amatalika ngati ulendo wa ku Mchinji wapansi, ndipo ambiri amalephera, n'kudziyankha okha.

*Kupezeka.* Funso limapezeka pa nkhani iliyonse, koma funso labwino n'losowa. Likhale loyankhidwa ndi dzanja, osati ndi ndemanga. Likhale la zimene zinawachitikira, osati la zimene akudziwa. "Ndani akudziwa chinyezi choyenera posunga chimanga?" amenewo ndi mayeso a kusukulu, ndipo akuluakulu sakonda kuyesedwa pamaso pa apongozi awo.

*Kusamala.* Limafuna kusinthidwa pa gulu lililonse. Funso la kugula chimanga mu Januwale silingagwire kwa anthu a ku Kawale kapena ku Mchesi amene ambiri amagula chaka chonse.

*Chiopsezo.* Apa ndili ndi chipsera. Tsiku lina pa maphunziro ena mu hotela ina mumzinda muno, anandipatsa nthawi yoyankhula anthu atangotha kudya nkhomaliro. Ndinayamba ndi funso lofuna kuti avomere kuti ofesi zawo zimachedwetsa malipoti. Mabwana awo anali pa mzere woyamba. Palibe dzanja linakwera ngakhale limodzi, kunangomveka kulira kwa fani, ndipo chiganizo changa chotsatira chinali chitalembedwa kale kuti "monga mukuonera, tonse tili ndi vutoli". Ndinachiwerenga momwemo. Kuyambira pamenepo ndimakonza ziganizo ziwiri, china cha manja ambiri, china cha manja ochepa, ndipo sindifunsa funso limene kukweza dzanja kwake n'kudziulula. Ngakhale funso la chimanga lija lili m'malire, pakuti kugula chimanga utakolola ena amakuona ngati manyazi. Lofewerapo ndi ili: "Ndi angati amene anaonapo anankafumbwe m'thumba chaka chisanathe?" Pamene pakhala mafumu kutsogolo, musayembekezere kuti iwo akweze manja ngati ana a sukulu, lozani funsolo kwa gulu, iwo muwasiye.

Njira yachitatu: nambala imodzi

Imodzi yokha, osati zitatu. Ndipo ikhale nambala imene munthu angaione m'maso mwake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, nambala imeneyi n'yoona, koma palibe amene anaonapo anthu 17.5 miliyoni, ndiye imalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mlangizi wathu achite masamu a pakhomo: "Tinene kuti mwakolola matumba 10 a makilogalamu 50 mu Meyi muno, ndipo kwanu thumba limodzi limatha mwezi. Awiri akafumbwa, simunataye matumba awiri. Mwataya Januwale ndi Febuluwale." Nambala yasanduka miyezi, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti miyezi iwiri imeneyo ndiyo ya njala.

*Mtengo.* Poinena n'yachangu, masekondi 20. Ngati ndi nambala yochokera m'kafukufuku, mtengo wake n'kuitsimikiza: inachokera kuti, ndi ya chaka chiti, ikunena za dziko lonse kapena boma limodzi.

*Kupezeka.* Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatulutsa ziwerengero za dziko, ndipo kaundula wa ofesi yanu kapena wa kalabu ya alimi ali ndi za pafupi, zimene nthawi zambiri zimagunda mtima kuposa za dziko lonse. Ngati mulibe yodalirika, chitani masamu a "tinene kuti" monga pamwambapa, ndipo munene poyera kuti n'chitsanzo.

*Kusamala.* Iyi ndiyo njira yosachedwa kusasa. Mtengo wa chimanga wa nthawi yokolola si wa mu Januwale. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anali ndi chiyambi chowerengera makwacha anayenera kuchilembanso. Matumba, ndowa ndi miyezi sizisintha choncho. Muziwerengera zimenezo pamene n'kotheka.

*Chiopsezo.* Pagulu sipalephera kukhala munthu wodziwa nambala yeniyeni. Mukalakwitsa yoyambayo, zonse zimene munene pambuyo pake azidzazikayikira. Mukaona awiri atatu akunong'onezana mutangoitchula, dziwani kuti akuitsutsa, ndipo ndi bwino kunena pomwepo kumene mwaitenga.

Njira yachinayi: chinthu m'manja

Mlangizi amaliza malonje, satsegula pakamwa, akweza mabotolo awiri agalasi. M'botolo lililonse muli chimanga ndi mchere. Awakhutchumula. M'lina mchere ukuyenda momasuka, m'linalo wakangamira m'mbali mwa galasi. Kenako: "Chimanga chonsechi chikuoneka chouma, ndipo mukachiluma chikulira. Koma botolo limodzi likutiuza kuti chimanga chake chikaikidwa m'thumba lero, chichita nkhungu."

Kuyeza kumeneku n'kwenikweni ndipo alangizi amakuphunzitsa. Mumatenga botolo louma bwino, n'kuthiramo chimanga kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kuonjezera masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma. Mutseka, mukhutchumula kwa mphindi imodzi, mulisiya mphindi 15, n'kukhutchumulanso. Mchere ukamata m'galasi ndiye kuti chinyezi chikadali chambiri, chimanga chibwerere padzuwa. Chosungika bwino chimafuna chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti. Mphindi 15 zodikirazo zili ndi phindu lake kwa woyankhula: mungatenge chimanga cha mmodzi wa alimiwo, kuchithira m'botolo lachitatu poyamba, kuliimika patebulo, n'kudzalikhutchumula pomaliza. Anthu sachoka asanaone zotsatira.

*Mtengo.* Ndalama n'zochepa, koma ntchito ilipo. Mchere uyenera kuyanikidwa padzuwa kapena kukazingidwa pang'ono m'chiwaya, chifukwa mchere wonyowa kale umamata ngakhale chimanga chili chouma. Muyesere kunyumba dzulo lake.

*Kupezeka.* Nkhani za ulimi, zaumoyo, zomangamanga ndi zophika zili ndi zinthu zogwirika zambiri. Nkhani ya malamulo a penshoni ilibe, ndipo kukakamiza chinthu, monga kubweretsa kandulo kuti iimire chiyembekezo, kumaoneka ngati sewero la ana a sande sukulu.

*Kusamala.* Mabotolo atsukidwe ndi kuumitsidwa nthawi iliyonse, ndipo chimanga chonyowa chiyenera kukhala chatsopano. Ubwino wake n'ngoti safuna magetsi. Amene amadalira chithunzi cha pa pulojekita amadziwa zimene zimachitika magetsi akathima jenereta isanalire.

*Chiopsezo.* Kuoneka. Mchere wa m'botolo suoneka kupitirira mizere inayi kapena isanu. Pa anthu 40 mungayende nalo pakati pawo; pa anthu 400 m'holo, akumbuyo amangoona munthu akugwedeza chinthu. Musalipereke kuti liziyenda m'manja inu mukuyankhula, apo ayi maso onse atsatira botolo. Ndipo chionetsero chikhoza kukana: mabotolo onse awiri n'kumata, kapena onse osamata. N'chifukwa chake awiri oyambawo muwakonzeretu ndi kuwaona musanachoke kunyumba.

Njira yachisanu: kunena mfundo mosazungulira

"Ndabwera ndi pempho limodzi: chaka chino pasapezeke woika chimanga m'thumba asanachiyeze ndi mchere. Ndikuuzani chifukwa chake, kenako ndikuonetsani kayezedwe kake." Basi.

*Mtengo* wake ndi masekondi 15, koma imafuna kuti mudziwe chimene mukufuna, ndipo ambiri amazindikira polemba chiganizo chimenechi kuti ali ndi mfundo zisanu zosagwirizana. Pa *kupezeka*, ilipo nthawi zonse, pa nkhani iliyonse. *Kusamala* kwake kulibe. Ikhala mpaka mfundo yanu itasintha. *Chiopsezo* chake n'cha chikhalidwe chathu: ife nkhani yolemera timaifika pang'onopang'ono, ndipo wachinyamata akaimirira pamaso pa akuluakulu n'kuyamba ndi "muchite chakuti", amamveka wamwano. Mawu oti "pempho" kapena "ndatumidwa kuti ndidzatule" amafewetsa popanda kuchotsa mfundo. Musaisokoneze ndi kuwerenga mutu wa pa pulogalamu. "Lero ndiyankhula za kasungidwe ka mbewu" si mfundo. Wotsogolera mwambo wanena kale zimenezo pokuitanani.

Pali chizolowezi china chimene chimaononga njira zonse zisanu, ndicho kupepesa. "Ine si katswiri", "andiuza mochedwa", "sindinakonzekere bwino". Timati n'kudzichepetsa, koma omvera amamva kuti angathe kupuma kaye. Ulemu wanu wathera m'malonje, ukatha, lowani.

Iti, pati

Kwa mlangizi wathu wa ku Mitundu, pa anthu 40, masana, pabwalo, ine ndingasankhe mabotolo, chifukwa chimene akufuna n'choti alimi akachite ndi manja awo, ndipo achiona chikuchitika. Kankhani ka dzanja loyera akasunge, kadzalowe pakati pamene afika pa anankafumbwe ndi matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati amene amapha tizilombo potitsekera mpweya. Kuphatikiza njira ziwiri pachiyambi n'kotheka, monga nambala yotsatidwa ndi mfundo, koma zitatu ndiye kuti mphindi zinayi zapita musanayambe.

Nkhani yomweyo akakaitula kwa akuluakulu a kuunduna kapena a mabungwe othandiza, m'chipinda chokhala ndi matebulo ndi madzi a m'mabotolo, ayambe ndi mfundo mosazungulira, n'kuikapo nambala imodzi yotsimikizika. Anthu amenewa amamva oyankhula khumi pa tsiku ndipo akufuna adziwe msanga chimene mukuwapempha.

M'holo yaikulu, pamene muli pa nsanja ndi maikolofoni ndipo nkhope za akumbuyo simukuziona, kankhani ndiko kamafika patali, pakuti kamangofuna khutu. Kamayendanso bwino kutchalitchi ndi pa msonkhano wa makolo kusukulu, bola mwini nkhani asakhale wodziwika kwa gululo. Ngati pali womasulira, mupatseniretu kankhaniko papepala ndipo ziganizo zikhale zazifupi, kuti asadzafike pa dzanja loyera n'kulisandutsa "chimanga chinaonongeka".

Funso lisungireni gulu la anthu ofanana msinkhu ndi udindo, monga achinyamata a ku Chinsapo, amayi a banki mkhonde kapena ophunzira a ku Bunda, makamaka m'mawa anthu akadali ndi mphamvu. Pamene pali bwana ndi antchito ake m'chipinda chimodzi, lisiyeni.

Ndiye pali tsiku lija limene aliyense woyankhula pagulu amakumana nalo: mwambo unayamba mochedwa ndi maola awiri, oyankhula asanu adutsa, fungo la mpunga ndi nkhuku layamba kulowa pazenera, ndipo wotsogolera mwambo akukunong'onezani kuti mphindi zanu 15 zatsala zitatu. Mabotolo abwerere m'chikwama. Perekani ulemu kwa a wapampando ndi mafumu m'chiganizo chimodzi, nenani pempho lanu lija la mchere, ndipo muuze anthu kuti ofuna kuona kayezedwe kake akupezani pansi pa mtengo akatha kudya.